Kalembedwe ka malangizo oti chidule cha msonkhano chizituluka chofanana sabata iliyonse

Funso: Ndine mlembi pa kampani yogula soya ndi mtedza, ndipo nyumba yathu ya katundu ili ku Kanengo. Lolemba lililonse timakhala ndi msonkhano wa ola limodzi. Ndimaujambula pa foni, mawuwo ndimawasandutsa zolembedwa, kenako ndimapatsa pulogalamu ya AI kuti indilembere chidule. Koma sabata ino chimabwera ndi mitu isanu, sabata inayo ndime zitatu, tsiku lina tebulo. Abwana atopa nazo. Ndimalemba kuti "tsatira ndondomeko ya nthawi zonse" koma sizikuthandiza. Malangizowo ndiwalembe bwanji? Ndine mayi wina wa ku Area 25.

Yankho: Mayi, mawu akuti "ndondomeko ya nthawi zonse" inu mumawamva chifukwa munaliko Lolemba lapita. Pulogalamuyo kunalibe. Mukatsegula tsamba latsopano lolemberana nayo, imayamba ndi zomwe mwaika patsambalo basi. Mapulogalamu ena amasungako tinthu tina ta amene akuwagwiritsa ntchito, koma zimenezo si zodalira pa nkhani ya mitu ndi mizere. Chinanso, mapulogalamu amtunduwu amalemba posankha mawu limodzi limodzi, ndipo pomwe mawu angapo angayenere, kusankhako kumakhala ndi kamwayi mkati. Mukapereka zolankhula zomwezomwezo kawiri, mutha kulandira zidule ziwiri zosiyana maonekedwe.

Komabe kamwayi kameneka si gwero lenileni la vuto lanu. Gwero lake ndi lakuti paliponse pomwe malangizo anu sananene kanthu, msonkhano wa tsikulo ndi umene umalamula. Tsiku lomwe anthu anatchula manambala ambiri, pulogalamu imaona kuti tebulo ndiye loyenera. Tsiku lomwe munali kukangana za mtengo, imalemba ndime zofotokoza maganizo a uyu ndi uyo. Ikuchita zomveka ndithu, kungoti inu simukufuna kuti iziganiza za maonekedwe mlungu uliwonse. Choncho ntchito yanu ndi kuganiziratu zonse zokhudza maonekedwe kamodzi kokha, makamaka za masiku omwe msonkhano sunayende bwino, n'kuzilemba pansi.

Ambiri akaona vutoli amathawira kogwiritsa ntchito tsamba limodzi lomwelo miyezi yonse, poganiza kuti pulogalamu izionera chidule chapitacho. Masabata awiri kapena atatu zimaoneka ngati zatheka. Kenako mumayamba kupeza matumba a sabata yatha m'chidule cha sabata ino, kapena ntchito yomwe inatha kale ikubweranso ngati yatsopano, chifukwa zonse zili patsamba limodzi ndipo pulogalamu ikutola uku ndi uku. Cholakwika chotere n'choopsa kuposa kusintha kwa mitu, poti sichioneka msanga. Msonkhano uliwonse ukhale ndi tsamba lake latsopano, ndipo malangizo onse muziwaika pamwamba nthawi zonse, kuchokera mu fayilo imodzi yomwe mwasunga. Musamawalembe kuchokera m'mutu. Ngati pulogalamu yanu ili ndi malo osungira malangizo okhazikika, aikeni mmenemo, koma fayilo yanu ikhalepobe.

Tsopano malangizo enieniwo. Yambani ndi abwana, osati ndi pulogalamu. Afunseni kuti akatsegula chidule amayang'ana chiyani choyamba, ndipo akachisiya amakachita chiyani. Pa kampani ngati yanu, mayankho nthawi zambiri amakhala oti tagwirizana chiyani, akuchita ndani komanso liti, katundu alipo wochuluka bwanji kumalo ogulira, ndi zomwe zatsala m'malere. Mayankho amenewo ndiyo mitu yanu. Ine ndimaonjezera mutu umodzi womwe abwana sangautchule, ndipo ndiufotokoza kutsogoloku. Mituyo musaifotokoze ndi mawu monga akuti "pakhale gawo la zogwirizana". Ilembeni ndendende mmene mukufuna kuti izionekera:

```
CHIDULE CHA MSONKHANO: [YYYY-MM-DD]
1. ZOMWE TAGWIRIZANA
2. NTCHITO
   Ntchito | Wochita | Tsiku
3. KATUNDU
   Malo | Mbewu | Matumba
4. ZOSAMALIZA
5. ZOTI MLEMBI AONE
```

Zili ngati buku la malisiti lomwe mumagwiritsa ntchito pogula mbewu. Malisiti amafanana chifukwa mizere inasindikizidwa kale, wolemba amangodzaza, kaya ndi wa ku Mitundu kaya wa ku Kasiya. Pansi pa fomuyo ikani malamulo ochepa oiteteza:

```
Lemba mitu isanuyi ndendende, motsatana chonchi.
Usaonjezere mutu, usachotse, usasinthe mawu ake.
Ngati mutu ulibe nkhani, lemba pansi pake: Palibe
Usalembe moni kapena mawu otsekera.
```

Mzere wachitatuwo ndi umene anthu ambiri amauiwala, ndipo ndi pomwe maonekedwe amayambira kusokonekera. Taganizirani Lolemba lomwe simunagwirizane chilichonse, mwangokambirana n'kubalalika. Pulogalamu ili ndi mutu woti ZOMWE TAGWIRIZANA koma ilibe choikapo. Ngati simunaiuze chochita, ichita chimodzi mwa ziwiri. Mwina iuchotsa mutuwo, manambala a mitu n'kusuntha, KATUNDU n'kukhala wachiwiri. Apo ayi, ifunafuna china chilichonse chooneka ngati mgwirizano n'kuchiika pamenepo kuti malowo asakhale opanda kanthu. Njira yachiwiriyi ndi yomwe imabweretsa mikangano mu ofesi, chifukwa papepala palembedwa kuti munagwirizana pomwe aliyense akukumbuka kuti sizinatero. Liwu limodzi loti "Palibe" limapatsa pulogalamu chinthu chololedwa choti ilembe, ndipo limauza abwana kuti gawolo silinaiwalidwe. M'matebulo chitani chimodzimodzi: bokosi lomwe nkhani yake sinatchulidwe lilembedwe kuti "Sanatchule". Sankhani liwu limodzi ndipo likhale lomwelo mpaka kalekale, kuti tsiku lina mudzathe kulifufuza m'zidule zonse za chaka.

Mitu ikakhazikika, chotsatira n'chovutirapo, ndipo apa ndikhalitsa pang'ono. Zidule ziwiri zitha kukhala ndi mitu yofanana koma n'kumasiyanabe, chifukwa sabata ino nkhani ya mtengo yaikidwa pa zogwirizana, sabata inayo nkhani yamtundu womwewo yaikidwa pa zosamaliza. Owerenga amasiya kukhulupirira mituyo. Mankhwala ake ndi kulemba malire a mutu uliwonse, kuti chinthu chimalowa muno chikakhala chotani. Tiyeni tione ndi kachigawo ka msonkhano kongoyerekeza, ka Lolemba pa 12 Meyi 2025:

```
Wolankhula 2: ku Mitundu tili ndi matumba 140 a soya koma ena ndi onyowa
Wolankhula 1: onyowawo ndi angati
Wolankhula 2: mwina 20 mwina 30
Wolankhula 1: galimoto ipite mkucha itenge ouma okha
Wolankhula 3: mkucha ndi holide dalaivala sapezeka
Wolankhula 1: chabwino Lachinayi basi
Wolankhula 3: nanga mtengo tikweze anzathu akweza
Wolankhula 1: tiona awafunse kaye a ku Nsundwe
```

Mizere isanu ndi itatu yokha, koma muli misampha inayi. Woyamba ndi tsiku la galimoto. Abwana ananena mkucha, lomwe ndi Lachitatu pa 14 Meyi, tsiku la tchuthi chokumbukira Kamuzu, kenako anasintha n'kunena Lachinayi. Pulogalamu yopanda lamulo itha kutola tsiku loyambalo chifukwa ndi lomwe lili m'chiganizo chomveka bwino, chokhala ndi galimoto ndi matumba momwemo, pomwe chosinthacho ndi mawu atatu okha. Lamulo lake ndi loti nkhani ikasinthidwa mkati mwa msonkhano, lemba zomalizazo zokha.

Wachiwiri ndi matumba onyowa. Munthu ananena kuti mwina 20, mwina 30. Mapulogalamuwa amakonda kuyeretsa zinthu, ndiye mutha kupeza alemba 25, kapena achotsera okha n'kulemba kuti galimoto ikatenga matumba 110 kapena 120. Palibe amene anatchula manambala amenewo. Akalowa mu tebulo amaoneka otsimikizika ngati ena onse, ndipo wa ku nyumba ya katundu adzawerengera malo ndi aganyu otsitsa potengera nambala yomwe inangobadwira mu kompyuta. Lamulo lake ndi loti usawerengere, usaphatikize, usachotsere. Nambala yokayikitsa ipite pa mutu wachisanu ndi mawu enieni omwe ananenedwa.

Wachitatu ndi "tiona". Aliyense amene anakhalapo mu msonkhano kuno kwathu amadziwa kuti abwana akati tiona, nkhaniyo sinathe, ndipo nthawi zina akukana mwaulemu. Pulogalamu ikhoza kulemba kuti "anagwirizana kuunikanso mtengo", zomwe zikumveka ngati pali chomwe chakonzedwa. Muyenera kuiuza momveka kuti mawu ngati tiona, tiganizire, tikambiranabe ndi tizionabe si mgwirizano. Inu mumawadziwa malankhulidwe a abwana anu kuposa ine. Mvetserani zojambula ziwiri zitatu zakale, mulembe mawu omwe amanena akamatseka nkhani ndi omwe amanena akamaikankhira kutsogolo, muwaike m'malangizo mmene alili.

Wachinayi ndi "awafunse". Afunse ndani? M'chipindamo aliyense anadziwa, chifukwa abwana analoza ndi mutu. Foni sijambula kuloza. Pa Chichewa chaulemu, "a" yemweyo amaimira munthu mmodzi wolemekezeka komanso anthu ambiri, ndiye zolembedwazo sizithandiza. Pulogalamu imakonda kupachika ntchitoyo pa amene analankhula komaliza, pano Wolankhula 3, yemwe mwina ndi akawuntanti ndipo Nsundwe sakukhudzana nayo. Bokosi la wochita likhale ndi munthu pokhapokha dzina kapena udindo wake watchulidwa, kapena munthuyo wanena yekha kuti ndichita.

Malamulo anayiwa atha kulembedwa mwachidule chonchi:

```
ZOMWE TAGWIRIZANA: zokhazo zomwe wapampando watseka.
"Tiona", "tiganizire", "tikambiranabe" zipite pa ZOSAMALIZA.
Nkhani ikasinthidwa, lemba zomalizazo zokha.
Wochita kapena tsiku likapanda kutchulidwa, lemba: Sanatchule
Usawerengere manambala. Yokayikitsa ipite pa mutu 5
pamodzi ndi mawu enieni omwe ananenedwa.
```

Ndi malamulo amenewa, kachigawo kaja kayenera kutuluka motere:

```
1. ZOMWE TAGWIRIZANA
   - Galimoto ikatenga soya wouma yekha ku Mitundu, 2025-05-15.
2. NTCHITO
   Kutumiza galimoto ku Mitundu | Sanatchule | 2025-05-15
   Kufunsa a ku Nsundwe za mtengo | Sanatchule | Sanatchule
3. KATUNDU
   Mitundu | soya | 140
4. ZOSAMALIZA
   - Kukweza mtengo wogulira.
5. ZOTI MLEMBI AONE
   - Matumba onyowa ku Mitundu: "mwina 20 mwina 30".
```

Mwaona kuti "Sanatchule" wabwera katatu. Poyamba zimenezi zimakhumudwitsa, chidule chimaoneka chamabowo. Koma mabowowo ndi a msonkhano wanu, pulogalamu yangowaonetsa. Inu amene munalipo mutha kudzaza dzina la woti afunse a ku Nsundwe pa mphindi imodzi, ndipo ngati nanunso simukudziwa, ndiye kuti ntchitoyo ikanagwa pansi ndithu. Abwana akaona liwu limeneli likubwerabwera, kawirikawiri amayamba okha kutchula dzina ndi tsiku asanapite pa nkhani ina, ndipo zidule zimakhala bwino popanda kusintha malangizo.

Mutu wachisanu uja ndi uwu tsopano. Pulogalamu ikakumana ndi chinthu chosakwanira m'mabokosi anu, imafuna poika. Mukapanda kuipatsa malo, imapanga mutu wake, lero "Mfundo Zina", mawa "Chenjezo", ndipo maonekedwe asokonekeranso. ZOTI MLEMBI AONE ndi malo ovomerezeka a zokayikitsa zonse: nambala yosamveka, dzina la malo lomwe silili pa mndandanda wanu, anthu awiri otchula manambala osiyana a chinthu chimodzi. Gawoli ndi lanu. Mukalikonza, musanatumize kwa abwana, mulembepo "Palibe" kapena musiye zokhazo zofunika iwo aweruze.

Za masiku, pali chinthu chimodzi choti muzisintha sabata iliyonse. Anthu mu msonkhano sanena madeti, amanena mawa, mkucha, Lachisanu likubwerali, sabata yamawa. Pulogalamu singadziwe kuti mawa ndi liti ngati simunaiuze tsiku la msonkhano, ndipo ngakhale muiuze, nthawi zina imaphonya powerengera kuti Lachinayi ndi pa chani. Musaisiyire masamu amenewo. Pamwamba pa zolankhulazo ikani kalendala ya sabatayo:

```
Tsiku la msonkhano: Lolemba 2025-05-12
Lachiwiri 13, Lachitatu 14, Lachinayi 15,
Lachisanu 16, Loweruka 17, Lolemba lotsatira 19
```

Kalembedwe koyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, ndimakakonda pa zifukwa ziwiri. Palibe amene angasokoneze 05/12 kuti ndi Meyi kapena Disembala, komanso mafayilo otchulidwa motero amadzisanja okha motsatira nthawi mu kompyuta. Mawu otakata ngati "sabata yamawa" asasandutsidwe deti. Alembedwe mmene ananenedwera.

Kutalika nakonso kumasintha maonekedwe. Mawu oti "lemba mwachidule" alibe muyeso, ndipo msonkhano wautali udzabala chidule chachitali. Ikani malire owerengeka ndi maso: mfundo iliyonse ikhale chiganizo chimodzi. Malire a kuchuluka kwa mawu, monga mawu 200, mapulogalamuwa sawasunga bwino kwenikweni, amangoyandikira. Koma samalani ndi lamulo loti "mfundo zitatu pa mutu uliwonse". Likuoneka laudongo, koma tsiku lomwe mwagwirizana chinthu chimodzi pulogalamu idzachigawa patatu kapena kupeka ziwiri, ndipo tsiku lomwe mwagwirizana zisanu ndi ziwiri idzataya zinayi osakuuzani. Pa zogwirizana, ntchito ndi katundu musaike malire a kuchuluka konse. Chofanana sabata ndi sabata chikhale mitu, mabokosi ndi kalembedwe ka mzere, osati chiwerengero cha mizere.

Anthu ambiri amalangiza kuti muike chidule chabwino chakale m'malangizo ngati chitsanzo. Zimathandizadi, chifukwa pulogalamu imatsanzira zomwe yaona mosavuta kuposa zomwe yauzidwa. Vuto ndi lakuti imatsanzira mopitirira. Chitsanzo chikakhala ndi ntchito zinayi, zidule zimayamba kukhala ndi ntchito zinayi. Chikatchula Mitundu, tsiku lina mudzapeza Mitundu m'chidule cha msonkhano womwe Mitundu sinatchulidwe. Ngati mukufuna chitsanzo, chipangeni ndi nkhani yomwe singasokonezeke ndi yanu, mwachitsanzo nyemba ndi malo omwe simugulako, ndipo chikhale ndi mutu umodzi wolembedwa "Palibe" ndi bokosi limodzi lolembedwa "Sanatchule", kuti pulogalamu ione kuti zimenezo n'zololedwa. Mukaona nyemba m'chidule cha kampani ya soya ndi mtedza, mudziwa pomwepo komwe zachokera.

Muyeneranso kulekanitsa malangizo ndi zolankhula. Mu msonkhano wina akhoza kunena kuti "izi musalembe" kapena "muike zonse mu tebulo", akuuza inu kapena akawuntanti, pulogalamu n'kuzitenga ngati lamulo lake. Zolankhulazo zitsekereni pakati pa zizindikiro ziwiri, monga `<zolankhula>` poyambira ndi `</zolankhula>` pothera, ndipo munene kuti zonse zili mkatimo ndi zoti zifupikitsidwe, si malangizo. Popeza zolankhula za ola lathunthu ndi zazitali, bwerezani mzere umodzi pansi pake wokumbutsa kuti ilembe chidule potsatira mitu isanu ija. Nthawi zambiri zimenezi zimathetsa vuto loti pulogalamu yafika kumapeto itaiwala fomu.

Mwina mukufunsa kuti malangizowo akhale m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Mapulogalamuwa anaphunzira kuchokera ku zolembedwa zambirimbiri za Chingerezi ndi zochepa za Chichewa, choncho malamulo ovuta amawagwira msanga m'Chingerezi. Yesani Chichewa kaye. Lamulo lina likamakanika mobwerezabwereza, lilembeni m'Chingerezi lokhalo. Koma mitu, mawu a m'mabokosi ndi mawu a abwana aja asamasuliridwe, akhale ndendende mmene adzaonekere. Ndipo nenani chilankhulo cha chidulecho momveka. Misonkhano yathu timasakaniza Chichewa ndi Chingerezi, ndipo mukapanda kunena, chidule chidzatsatira chilankhulo chomwe chinachuluka tsikulo.

Pali malire amodzi omwe malangizo sangawadumphe, ndiwo ubwino wa zolankhula zolembedwazo. Mapulogalamu osandutsa mawu kukhala zolembedwa amavutika ndi Chichewa. Mwachitsanzo Whisper, yomwe inatulutsidwa mu 2022 ndipo imagwiritsidwa ntchito m'zida zambiri, ili ndi Chiswahili ndi Chishona pa mndandanda wa zilankhulo zake koma Chichewa palibe. Mayina a malo ndi manambala ndi amene amavulala kwambiri. Manambala timawatchula m'Chingerezi, ndipo 15 ndi 50 kapena 14 ndi 40 amamveka mofanana foni ikakhala patali kapena galimoto ikamalira panja. Pulogalamu yolemba chidule singadziwe kuti 50 anali 15. Idzamuika mu tebulo mwaudongo. Chothandiza ndi kuika m'malangizo mndandanda wa malo anu onse ogulira, mbewu zanu ndi maudindo a anthu a mu msonkhano, n'kunena kuti dzina lofanana ndi la pa mndandanda lilembedwe monga lilili pa mndandandawo, losafanana lipite pa mutu wachisanu. Onjezerani zomwe anthu a pakampanipo amadziwa osanena, monga kuti thumba ndi la makilogalamu 50 ngati ndi mmene mumapimira, ndi kuti wina akati "2 mita" akunena K2 miliyoni. Manambala a mu tebulo la katundu muziwatsimikizira nokha ndi kope lanu. Ndi bwino kuwalemba pamanja nthawi ya msonkhano ngakhale foni ikujambula. Komanso zizindikiro za Wolankhula 1, 2 ndi 3 zimasintha: wa nambala 1 lero si wa nambala 1 sabata yamawa. Musalembe m'malangizo okhazikika kuti Wolankhula 1 ndi abwana. Zilembeni pamodzi ndi kalendala ija, sabata iliyonse payokha.

Musanayambe kugwiritsa ntchito malangizo atsopanowo, ayeseni pa zojambula zakale zomwe mukuzidziwa bwino. Musasankhe zabwino zokhazokha. Tengani msonkhano waufupi womwe munalibe nkhani zambiri, wina wautali kwambiri, ndi wina womwe anthu ankalankhula mopikisana. Uliwonse muuyendetse katatu, pa tsamba latsopano nthawi iliyonse. Kuyendetsa kamodzi sikukuuzani kanthu, chifukwa funso lanu ndi la kufanana. Waufupiwo ukuonetsani ngati "Palibe" akugwira ntchito. Wautaliwo ukuonetsani ngati nkhani za pakati pa msonkhano zikutayika, zomwe zimachitika ndithu ndi zolembedwa zazitali: zoyamba ndi zomaliza zimagwidwa bwino kuposa zapakati. Zikamatayika, dulani zolankhulazo pawiri kapena patatu pomwe nkhani ikusintha, chigawo chilichonse chidzazidwe pa fomu yomweyo, kenako muphatikize. Pophatikizapo yang'anani nkhani yomwe inayamba m'chigawo choyamba n'kusinthidwa m'chomaliza, ngati ya galimoto ija, chifukwa idzaoneka kawiri ndi masiku awiri.

Chikalakwika, musakonze mwa kukalipira pulogalamu patsamba la tsikulo n'kusiya pomwepo, chifukwa Lolemba linalo cholakwikacho chibweranso. Pezani lamulo lomwe likusowa, mulionjezere mu fayilo, musinthe chinthu chimodzi pa nthawi, muyesenso pa zojambula zitatu zija. Fayiloyo ikhale ndi nambala ndi deti m'dzina lake, monga `malangizo_v3_2025-05-12.txt`, ndipo zakale musazifufute. Lamulo latsopano limatha kuononga lakale mosayembekezereka. Komanso kampani zopanga mapulogalamuwa zimawasintha nthawi ndi nthawi, ndiye malangizo omwe akhala akuyenda bwino akayamba kuphonya inu musanasinthe kalikonse, zojambula zitatu zija ndi zomwe zikuuzeni ngati vuto lili pa pulogalamu kapena pa msonkhano wa tsikulo. Pewani kudzaza malangizo ndi zilembo zikuluzikulu ndi mawu oti "nthawi zonse" pa mzere uliwonse. Kupereka chifukwa kumagwira ntchito bwino kuposa kukuwa. Mukalemba kuti mitu isasinthe chifukwa zidule zimaikidwa pambali pa zinzake poyerekeza masabata, pulogalamu imatha kuchita zoyenera ngakhale pa nkhani yomwe simunaiganizire.

Ngati kampani yanu ili ndi munthu wodziwa kulemba mapulogalamu, pali njira yolimba kuposa zonsezi. Mapulogalamu ena amalola kuti yankho likakamizidwe kutsatira chimango cha kalembedwe ka makompyuta kotchedwa `JSON`, mabokosi ake atatchulidwiratu, ndipo kenako kapulogalamu kanu kamasandutsa zimenezo kukhala tsamba la abwana. Pamenepo mitu singasinthe konse. Pa makonzedwe omwewo pamakhalanso nambala yotchedwa `temperature`, yomwe mukaitsitsa kamwayi kaja kamachepa, ngakhale sikatheratu. Koma zonsezi zimateteza maonekedwe okha. "Tiona" akhoza kulowabe m'bokosi la zogwirizana, ndipo 25 wopeka uja akhoza kukhalabe m'bokosi la matumba, choncho malamulo a malire aja amafunikabe chimodzimodzi. Kwa msonkhano umodzi pa sabata, ine sindingathamangire njira imeneyi. Kuwerenga mitu isanu ndi maso kumatenga masekondi ochepa.

Chomaliza n'chokhudza zomwe mukutumiza. Zojambulazo zili ndi mawu a anthu, mayina a alimi ndi ogulitsa, mwina nambala za foni ndi nkhani za malipiro. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2024, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA. Onse a mu msonkhano adziwe kuti akujambulidwa ndi komwe mawu awo akupita, ndipo abwana avomereze pulogalamu yomwe mukugwiritsa ntchito. Kulemba m'malangizo kuti "usatchule nambala za foni" kumangoyeretsa chidule, koma nambalazo zimakhala zitatumizidwa kale. Zoterezi zichotseni m'zolankhulazo musanaziike patsamba, ndipo nkhani ya chilango kapena malipiro a munthu ikayamba mu msonkhano, imitsani kujambula mpaka ithe.